Firiji imati 4, chambo chimanena zina

Ndimaphika pa loji ina ku Senga Bay, ndipo chambo ndi kampango ndimakagula ndekha m'mawa mabwato akamakocheza. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito amabwera ataloweza kale: chakudya chozizira chisapitirire madigiri 5, chotentha chisatsike pa 60. Manambalawo ndi oona. Koma a zaumoyo akabwera kudzayendera khitchini, makamaka chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023, safuna kumva nyimbo. Amatsegula firiji.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala kunabwera mayi wina woyendera. Magetsi anali atazima usiku wonse n'kuyaka m'mamawa. Mayiyo anafunsa mnyamata wanga ngati nsomba zili bwino, iye n'kuloza choyezera kutentha chapachitseko: "Chili pa 4, amayi." Anayankha mosadodoma ngati ali m'kalasi.

"Chabwino achimwene, tatulutsani chambo chapakatipo."

Apa ndiye zinavuta. Choyezera chija chimayeza mpweya wa m'firiji, ndipo mpweya umazizira msanga magetsi akangoyaka. Nsomba younjikana m'beseni imachedwa. Mayiyo atabaya choyezera chake pamsana pa chambo, nambala inali kutali ndi 5. Pansi pa beseni panali madzi amagazi, maso a nsomba atachita mbuu, ndipo atadina mnofu ndi chala, chibowo sichinabwerere. Zonsezi mnyamatayo anali atazionapo m'mawa womwewo, koma papepala limene analoweza panalibe funso lotere.

Chimene sankadziwa n'chakuti kuzizira sikupha tizilombo, kumangotichedwetsa. Pakatentha, monga kumatenthera kuno ku Salima mvula isanagwe, tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zokha. Magetsi akabwerera, timene taswana kale sitichoka ayi, timangogona. Ndiye funso lenileni si lakuti firiji ili pa zingati panopa, koma lakuti nsombayi yakhala maola angati ili yofunda. Wodziwa zimenezi magetsi akazima salola kuti chitseko chizitsegulidwa wamba, amathira ayezi pansi ndi pamwamba pa nsomba, ndipo amalemba nthawi imene azima.

Ngakhale m'firiza mumakhala umboni. Nsomba yomwe inasungunuka n'kuumanso imamatana, ndipo pansi pa jumbo pamakhala chibuma cha ayezi wofiirira. Oyendera amachidziwa bwino chimenechi, kaya mwakolopa chotani pansi.

Chambo chonse cha m'beseni lija tinataya, ndipo abwana sanaseke, poti chambo masiku ano si chotchipa. Panopa wofuna ntchito m'khitchini mwanga sindimufunsa manambala. Ndimamupatsa nsomba ziwiri, yalero ndi yogona, kuti andiuze imene angaphikire mlendo komanso chifukwa chake. Akalephera kunena chifukwa, amayamba wagwira ntchito yotsuka mbale.