Kulanda mphamvu pakamwa chabe sikukwanira

Ambiri a ife tikapeza nchito ku Solwezi kapena ku Joni, timasainira wachibale pepala la kwa loya lomupatsa mphamvu yotiimirira: kutolera lenti, kutapa ndalama ku banki, ngakhale kugulitsa puloti. Chikhulupiriro chikatha, timamukalipira pa foni n'kuganiza kuti nkhani yatha. Koma pepala lija likali kusewenza.

Tiyerekeze kuti tili ndi nyumba ku Matero, ndipo amalume adya lenti ya miyezi itatu. Choyamba timalemba pepala lina lochotsa mphamvuyo, lotchula maina athu ndi deti la pepala loyamba, n'kusaina pamaso pa mboni. Kope limodzi lipite kwa amalume, asaine kuti alandira, ndipo tiwapemphe kubweza pepala lakale. Akakana kusaina, amene wapereka kalatayo alembe tsiku lake.

Manje apa ndiye pamene ambiri timagwera. Wolipira lenti amene sanauzidwe, akapatsanso amalume ndalama, sitingamulipiritse kawiri, chifukwa anakhulupirira pepala limene tinasaina tokha. Choncho iyenso alandire kalata yomuuza kolipirira kwatsopano. A banki tiwapatse kope lawo, ndipo adinde lathu. Ngati pepala loyamba linalembetsedwa ku ofesi ya za malo, lochotsanso lilembetsedwe komweko, apo ayi wofuna kugula puloti akakafufuza adzapeza amalume akali ndi mphamvu. Kwa amene sitikuwadziwa, chidziwitso cha m'nyuzipepala chimathandiza.

Zimene amalume anasaina kale tisanawachotse zimakhalabe. Ndiye makalata onsewa atuluke tsiku limodzi, mkwiyo ubwere pambuyo.