Musadikire kuti kuche

Anzanga, ngati pakhomo panu pali wina amene akulandira kemo, khalani pansi ndikuuzeni zomwe ndinalakwitsa.

Mayi anga analandira diripi yachiwiri ya mankhwala a khansa ya m'mawere Lachiwiri lina. Kusanza kutatha, anayamba kudya bwino, mpaka kumasesa pabwalo. Patapita masiku 10, cha m'ma 9 koloko usiku, anandiitana: "Iwe, tandifunditsa bulangete lina, ndikuzizidwa." Nditawayeza, thupi linali litatentha madigiri 38.4. Inu mukanati chiyani? Ine ndinati ndi malungo basi. Ndinawapatsa panado n'kunena kuti, "Amayi, gonani, tipita mawa kukacha."

Panado uja anangobisa vuto. Pofika 4 koloko m'bandakucha ankapuma mothamanga, akunditchula dzina la malemu mchimwene wawo. Ndinakagogoda kwa aneba a galimoto.

Kuchipatala anandifotokozera zomwe ndikufuna nanunso mudziwe. Kemo sapha maselo a khansa okha. Amafooketsanso mafuta a m'mafupa, komwe kumapangidwa maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja. Gulu lawo lolimbana ndi mabakiteriya, lotchedwa manyutirofilu, limatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, nthawi yomwe wodwala amaoneka ngati akuchira. Pa muyezo wa kuchipatala, munthu wabwinobwino amakhala nawo oposa 1,500. Akatsika kuchepera 500 ndiye zoopsa. Amayi anali ndi 300.

Asilikali akachepa chonchi, tizilombo timalowa m'magazi mwakachetechete. Chilonda sichitupa kapena kuchita mafinya, chifukwa mafinyawo amapangidwa ndi maselo omwewo. Nthawi zambiri chizindikiro chimakhala kutentha thupi kokha, ndipo zinthu zitha kuipa m'maola ochepa.

Choncho thupi likafika madigiri 38, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Yezani musanapereke panado, ndipo musamadikire kuti muone ngati atsitse. Ngakhale thupi lisatenthe, nyamukaninso ngati wodwala akunjenjemera, akusokonezeka, akupuma mothamanga kapena sakukodza ngati kale. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo pakhomo pomwepo nenani kuti, "Awa ali pa kemo, analandira tsiku lakuti." Musakhale chete pamzere. Wodwala wotere amayenera kuyamba mankhwala opha mabakiteriya pasanathe ola limodzi, zotsatira za magazi zisanatuluke n'komwe. Malungo nawo ayezedwe, koma asakhale chifukwa chochedwera.

Amayi anagonekedwa masiku 6 ali pa diripi, ndipo kemo wachitatu anamusuntha ndi sabata imodzi. Ali moyo. Koma maola 7 ndinawagoneka aja sandichoka m'mutu.

Masiku ano pakhoma la kuchipinda kwawo pali kalendala yomwe ndimazunguliza masiku oopsawo ndi bolopeni, choyezera thupi chili pansi pa pilo, ndipo ndalama ya mafuta a galimoto ya aneba ili mu envelopu yakeyake.