Mafunso a Pakhomo la Chipinda cha MRI

Chipinda cha MRI pachipatala chimene ndinapitacho chili kumapeto kwa khonde lalitali, kupitirira kojambulira ekisireyi. Pamalo odikirira pamanunkha mankhwala okolopera pansi, ndipo anthu anakhala pamabenchi atagwira mabuku awo a kuchipatala. Bambo wina ankawerenga lisiti lake mobwerezabwereza, poti kujambulitsa kamodzi kumadya makwacha zikwi mazanamazana. Koma lisitilo sililowetsa munthu m'kati. Chomulowetsa ndi pepala la mafunso limene mayi wojambula ankagawa pamodzi ndi cholembera.

Nanenso anandipatsa, ngakhale ndinangobwera kudzaona. Kodi muli ndi pesimeka, kachipangizo kothandiza mtima kugunda? Munachitidwapo opaleshoni ya m'mutu, ya m'khutu kapena ya mtima? Kachitsulo kanakugweranipo m'diso? Munalasidwapo ndi chipolopolo kapena zidutswa za bomba? Muli ndi pakati? Nditalemba, mayiyo anandifunsanso lililonse pakamwa, akundiyang'ana kumaso. Anati ambiri amalemba "ayi" ponseponse kuti mzere uyende, koma akafunsidwa za chipsera cha pachifuwa ndi pamene amakumbukira.

Titadutsa chitseko choyamba tinafika pa makabati. Ndinasiya foni, makiyi, lamba, ndalama zachitsulo ndi khadi la kubanki, limene maginito a makina a MRI amatha kulifufuta. Amayi amachotsa ndolo, timapini ta m'tsitsi ndi mikanda, ndipo wovala chithumwa amapemphedwa kuchivula, chifukwa zimene zasokereredwa m'katimo sizioneka. Anandiveka chovala cha chipatala chomanga kumsana, mphepo ikundilowa m'miyendo.

Pabenchi ya pamenepo panali mnyamata wowotcherera zitsulo, amene anabwera ndi vuto la msana. Iye anali atalemba "ayi" pa funso la diso.

"Achimwene, pogaya zitsulo ndi galayinda mumavala magalasi?" anafunsa mayiyo.

"Nthawi zina, mayi. Kenakake kanandigwera chaka chatha, koma ndinatsuka ndi madzi."

"Adokotala anakaona n'kukachotsa?"

"Ayi."

Basi, cholembera chinaima. Anamutumiza kukajambula ekisireyi ya maso kaye. Anandifotokozera kuti kachidutswa ka chitsulo kochepa ngati mchenga kangakhale m'diso osapweteka, koma maginito akakakoka kapena kukatembenuza, kamang'amba za m'kati ndipo munthu angachite khungu. Ekisireyi ikaonetsa kuti mulibe kanthu, mnyamatayo alowa tsiku lomwelo. Kakapezeka, dokotala wa maso ayambe wakachotsa, apo ayi msanawo aujambule ndi makina a CT, amene alibe maginito.

Ndinafunsa za anthu amene ali ndi zidutswa za bomba kapena za mabomba okwirira, monga ena amene anapulumuka nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Anati pamenepo amafuna kudziwa ziwiri: ndi chitsulo chanji, ndipo chili pati. Mtovu ndi kopa sizikokedwa ndi maginito, koma zidutswa za bomba kawirikawiri zimakhala zachitsulo chokokeka, ndipo zipolopolo zina zili ndi chitsulo chotero m'kati kapena kunja. Popeza mwini wake sangadziwe, amangochitenga ngati chokokeka. Kachidutswa kamene kakhala zaka zambiri mumnofu wa ntchafu, thupi litakakuta ndi chipsera, dokotala angakaloleze ataona ekisireyi. Kamene kali pafupi ndi diso, ubongo, fupa la msana, mtima kapena mtsempha waukulu wa magazi, salola.

Chitseko chachiwiri chimatseguka ndi nambala. Kuseri kwake kuli kachipinda kozizira ka makompyuta, ndi zenera lalikulu loonera makinawo: chimphika choyera chokhala ndi una pakati, ndi bedi lopapatiza lolowa m'menemo. Munalibe wodwala, koma ndinkamva kaphokoso kobwerezabwereza, tswi, tswi, tswi. Ndi pampu yothandiza kuti hiliyamu akhalebe wozizira pafupifupi madigiri 269 kunsi kwa ziro, kuti magetsi azizungulira m'mawaya a maginito osaleka. Ndinafunsa ngati amazimitsa usiku.

Sazimitsa. Ngakhale magetsi athime, maginito amakokabe.

Mphamvu yake ndi matesila 1.5, kuposa maginito a dziko lapansi pafupifupi maulendo 30,000. Mayiyo anandionetsa mzere wojambulidwa pansi, malire a magausi 5, amene munthu wa pesimeka sadutsa asanafufuzidwe. Kukokako sikukula pang'onopang'ono; pakhomo sumva kanthu, koma masitepe ochepa kutsogolo sizasi imathawa m'manja. Mu 2001 ku New York mwana wa zaka 6 anamwalira silinda ya okosijeni itauluka n'kumumenya m'mutu ali m'makina. N'chifukwa chake chikuku, machira ndi chozimitsira moto za m'chipindachi zili ndi zizindikiro: chobiriwira pa chinthu chosaopsa, chachikasu cha makona atatu pa cholowa potsatira malamulo ake, ndi chofiira pa chosalowa n'komwe.

Kenako anabwera agogo ena aakazi ndi mdzukulu wawo. Pesimeka yawo anakawaika ku India, ndipo kunsi kwa phewa lamanzere kankaoneka kachotupa kake. Mayi wojambula sanawabweze, koma anapempha khadi la chipangizocho.

"Agogo, khadi lija anakupatsani kuchipatala lili kuti?"

Mdzukulu analitulutsa m'kapulasitiki. Panali dzina la kampani, nambala ya batire, nambala za mawaya ake, ndi tsiku loikira. Zonsezi zimafunika, chifukwa mapesimeka ambiri a masiku ano amaloledwa mu MRI pokhapokha batire ndi mawaya zonse zili za mtundu wolembedwa MR Conditional, ndipo nthawi zambiri papite masabata 6 chiikireni. Amaonanso ekisireyi ya pachifuwa ngati mulibe waya wakale wosiyidwa kapena woduka. Zoopsa zake anazitchula zitatu: maginito angasokoneze kachitidwe ka chipangizocho, mafunde a wailesi angatenthetse nsonga ya waya pomwe yakhudza mtima, ndipo chipangizocho chingamve mafunde a makina ngati kugunda kwa mtima n'kuleka kugunditsa.

Khadi linali bwino, komabe agogo sanajambulidwe tsikulo. Anawapatsa tsiku limene katswiri wa mtima adzakhalepo ndi kakompyuta kosinthira pesimeka. Kwa munthu amene mtima wake umadalira chipangizocho, amachitchera kuti chizigunditsa mosalekeza osamvera za kunja, amayang'anira kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi nthawi yonse ya kujambula, ndipo akatuluka amachibwezera mwakale n'kuchiyeza.

Womaliza amene ndinamuona anali bambo wa chitsulo m'mwendo, chimene anamuika atachita ngozi ya njinga yamoto. Zitsulo za mafupa zambiri ndi za titaniyamu kapena za mtundu wosakokeka, ndiye atatsimikiza anamulowetsa. Vuto lake n'lakuti zimadetsa chithunzi pamalo oyandikana nazo. Anamutseka makutu, anaika kansalu pakati pa miyendo kuti khungu lisakhudzane n'kupsa, ndipo anamugwiritsa kampira kofinya akamva kutentha. Makina atayamba, kugogoda kwake kunandigwedeza m'chifuwa ngakhale ndinali kuseri kwa galasi.

Potuluka ndinafunsa mayiyo yankho limene amaliopa kwambiri. Anati ndi "ayi" wa munthu amene sakudziwa. Wonena kuti "sindikudziwa" amamuthandiza mosavuta: ekisireyi, foni kwa dokotala amene anachita opaleshoni, kapena kudikira khadi. Choncho amapempha kuti wobwera ku MRI atenge buku la kuchipatala, makalata a opaleshoni iliyonse ndi khadi la chipangizo, ndipo ngati wodwala sangathe kuyankha, abwere ndi wachibale amene akudziwa bwino mbiri ya thupi lake.