Siginecha ya mmisiri pa logibuku

Ndimakonza injini za dizilo m'galaja ina ku Nyakamete, dera la mafakitale mumzinda wa Mutare. Zambiri zimene timagwira ndi zimagalimoto zazikulu zodutsa pachipata cha Forbes kupita ku Beira. Ine ndinabadwira ku Sakubva kwa makolo ochokera ku Dedza, ndipo lero ndine mmodzi wa osayinira mabuku a anyamata ofuna kukalemba mayeso a umisiri.

Kuno mayesowa amayendetsedwa ndi nthambi ya boma yotchedwa Industrial Training and Trade Testing Department. Amisiri amaikidwa m'makalasi anayi, kuyambira kalasi 4 pansi mpaka kalasi 1, imene ndiyo ya mmisiri wokhwima, jonimani monga timanenera m'galaja. Ena amafikako kudzera m'maphunziro a pantchito a zaka zinayi, akumapitanso ku Mutare Polytechnic. Ena anaphunzirira pansi pa galimoto basi. Onsewa, asanaloledwe kugwira sipanala pamaso pa woyesa, ayenera kuonetsa kaye umboni wolembedwa wakuti anagwiradi ntchitoyo, kwa nthawi yakuti, pansi pa mmisiri wakuti.

Umboniwo umayambira pa jobukadi. Galimoto ikalowa, timatsegula kadi yokhala ndi nambala yake, ndipo mnyamata akamaweruka ayenera kukopera m'logibuku mwake tsiku, nambala ya kadiyo, mtundu wa galimoto, ntchito imene wagwira ndi maola ake. Mzere wongoti "ndakonza galimoto, maola 8" ine sindisayinira. Ndimafuna alembe kuti anatsitsa giyabokosi, anasintha kilatchi, anayang'ana ngati fulayiwilo yapsa kapena yang'aluka, anamanga mabawuti ndi sipanala yoyezera mphamvu. Mzere wotere munthu wa kuofesi angathe kuutsata mpaka pa kadi, ndipo inenso ndingauikire kumbuyo nditafunsidwa.

Chimene anyamata ambiri sachimva msanga n'chakuti kuchuluka kwa maola pakokha sikupulumutsa munthu. Panali mnyamata wina amene anabwera kwa ife kuchokera kugalaja ina, buku lake litadzaza bwino. Titakhala pansi kugawa maolawo m'magulu, tinapeza kuti pa maola khumi alionse, asanu ndi awiri anali osintha oyilo ndi mafilita, awiri a mabuleki, limodzi lokha la m'kati mwa injini. Za magetsi a galimoto munalibe ngakhale mzere umodzi. Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, unayamba wachunako mavavu?" Iye anati, "Ndinkaonerera, bambo." Kuonerera sikulowa m'buku. Tinamuika pa ntchito zimene zinkasowa: kuyeza mpata wa mavavu ndi filageji injini itazizira, kumanga hedi potsata ndondomeko ya mabawuti kuchokera pakati kupita kunja, kutulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo, kusaka pamene mabuleki a mpweya akudontha ndi madzi a sopo. Ntchito iliyonse ankaibwereza mpaka nditamuona akuimaliza popanda kunditembenukira, ndiyeno n'kusayina.

Wosayinayo nayenso amayang'anidwa. Mwini galaja angakhale ndi ndalama ndi sitampa, koma ngati si mmisiri wa ntchito yomweyo, siginecha yake imangotsimikiza kuti mnyamatayo ankalembedwa ntchito, osati kuti ankaidziwa. N'chifukwa chake kalata ya kampani timailemba papepala la dzina la kampani, yonena tsiku loyamba ndi lomaliza ndi ntchito zimene munthuyo ankagwira, ndipo ine ndimaonjezapo dzina langa, kalasi yanga ndi kope la satifiketi yanga. Masiku a m'kalata agwirizane ndi a m'buku komanso a pamapepala a malipiro. Kalata ikati Marichi, buku n'kumati Januwale, wolandira mapepala amayamba kukayikira zonse.

Chondipweteka kwambiri ndi amisiri a msinkhu wanga amene luso ali nalo koma mapepala alibe. M'zaka za mavuto a chuma cha m'ma 2008, makampani ambiri ku Mutare anatseka kapena kuchepetsa antchito, ndipo mafolomani anabalalikira ku Joni, ku Botswana ndi ku Mozambiki. Amene ankati adzasayinitsa buku lonse pamapeto anatsala ndi zaka zopanda mboni. Pachifukwachi, m'galaja mwathu mabuku amabwera patebulo langa Lachisanu lililonse, ntchito ikadali m'mutu mwanga, ndipo tsamba likasayinidwa mwini wake amalijambula pafoni n'kusunga kope kunyumba, chifukwa buku lokhala m'galaja oyilo salisiya.

Amabweranso achibale ndi ana a kumpingo kudzapempha kuti ndiwasayinire miyezi imene sanagwire ndi ine. Ndimakana, ngakhale atabwera ndi amalume awo. Mayeso ali ndi mbali yolemba ndi mbali ya manja, ndipo pambali ya manja woyesa amangokupatsa injini ndi zida n'kuima chapatali. Amene ndamusayinira zabodza akalephera kumeneko, ndalama ya mayeso yapita. Akapyola mwamwayi, ndiye amene mawa adzamange mabuleki a chigalimoto cholemedwa ndi katundu chotsika phiri la Christmas Pass kulowa m'tauni, dzina langa lili pansi pa buku lake.