Ku Chilomoni, kumene mphindi imodzi ikuphikidwa

Minibasi inanditsitsa pamsika wa Chilomoni dzuwa litakwera kale, fungo la tchipisi ndi utsi wa makala zili tolotolo. Wakabaza anandiuza K1,500 kuti akandifikitse kumene ndimapita, ndipo msewu wake unali wokwera ndi wamiyala moti pofika pageti msana unali utamva. Ndinauzidwa kuti ndikapeza situdiyo yopanga makatuni. Ndinapeza nyumba wamba ya zipinda zitatu, mbaula ili pakhonde, zovala zili pachingwe.

Chinthu choyamba kuchiona pabwalo chinali mpondagiya. Mitengo iwiri ya mphanda yozikidwa pansi, mtengo wina wopingasa pamwamba, kagaloni ka malita asanu kali lende, koboola ndi msomali wotentha cha m'munsi mwa chitsekerero, ndipo chingwe chochokera pakhosi pake chinatsikira pakamtengo kopondapo. Pansi anathirapo timiyala kuti pasachite matope. Sopo anamuboola pakati n'kumumangirira chingwe, atamuvindikira ndi chitini chakale kuti mvula isamusungunule.

"Tapondani, bambo," anatero mayi amene anandilandira, yemwe ndiye mlembi wa kanema wa mphindi imodzi wophunzitsa kusamba m'manja amene ankapangidwa pamenepo. Ndinaponda. Kagaloni kanawerama, madzi n'kutuluka kamzere kochepa. Anati anachimanga kuti mnyamata wojambula aziona ndi maso mmene phazi limapondera ndi mmene galoni imapendekera, chifukwa munthu wakumudzi akaona chojambulidwa molakwika amadziwa pompo kuti wojambulayo sanagwirepo chinthucho.

M'chipinda chochezera munalibe mipando. Khoma lonse linali mapepala omatidwa ndi selotepi, pepala lililonse chithunzi chimodzi cha pensulo, m'munsi mwake atalembamo masekondi. Kuyambira pakhomo mpaka pawindo ndi mapazi ngati khumi, ndipo m'mapazi khumiwo ndi mmene munali mphindi yonse. Pakona panali mulu wa mapepala ena omatulidwa, ndipo ndinapempha kuwaona.

Amenewo ndiwo anali malemba oyamba. Anaikamo nthawi zonse zisanu zimene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana: pochokera kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye, ndi musanadyetse mwana. Anaikamonso za kolera, za kuthira kolorini m'madzi, za kuvindikira chakudya. Atawawerenga mokweza ndi wotchi m'manja, anatenga mphindi ziwiri ndi theka. Atayesa kuthamangitsa lilime, mawu anakwana koma womva sanatole kanthu. Mayiyo anati tsopano sawerengera kuchuluka kwa mawu papepala, amangowerenga mokweza pa liwiro limene agogo amayankhulira ndi mdzukulu, ndipo chimene sichinakwane chimachoka.

Anasankha nkhani imodzi: mayi amene wangopukuta khanda ndipo akufuna kulimwetsa phala. Chifukwa chake n'chomveka. Anthu ambiri amadziwa kuti chimbudzi cha munthu wamkulu n'choopsa, koma cha khanda amachiyesa chopanda vuto, makamaka ngati likuyamwa. Komatu mwa ana aang'ono ndi mmene matenda otsegula m'mimba amachuluka, ndipo dzanja lomwelo limene lagwira thewera ndi limene limagwira supuni, kapu ndi bere. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa kutsegula m'mimba ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuyandikira pamenepo. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 akadali m'mitima ya anthu, koma mlembiyu sanamutchule m'kanemayo. Anati ukatchula kolera, anthu amasamba m'manja nthawi ya mliri yokha.

Anandikhazika pampando wapulasitiki m'chipinda chachiwiri, momwe munali tebulo, ketulo ndi pepala limodzi lotayipidwa. Nali monga ndinalikopera.

Masekondi 0 mpaka 9. Pakhonde m'mawa, phala lili pamoto, tambala akulira. Mayi akusintha khanda thewera, akukataya zoipazo m'chimbudzi.
MAYI: Tonthola, mwanawe. Phala lako lapsa.

Masekondi 9 mpaka 17. Mayi akupukuta manja pachitenje, akutenga supuni. Timadontho tofiira tikuoneka pazala, tikusamukira pasupuni.
KAMTSIKANA: Agogo, kodi mwana akapukutidwa, sasambanso m'manja?
MAYI: Aaa, za mwana izi zilibe kanthu.

Masekondi 17 mpaka 27. Agogo akuimika kupeta.
AGOGO: Iyayi, mwananga. Za khanda nazonso zimatsegula m'mimba. Tizilombo take sitioneka ndi maso. Tiye pampondagiya.

Masekondi 27 mpaka 50. Manja okhaokha, pafupi.
AGOGO: Nyowetsa. Paka sopo. Tikita m'kati, tikita kunja, pakati pa zala, m'zikhadabo. Tsukuluza ndi madzi oyenda. Usapukutire pachitenje, aume okha.

Masekondi 50 mpaka 60. Mayi watenga supuni yoyera, khanda likumwa phala.
MAWU OTSIRIZA: Mukapukuta mwana, sambani m'manja ndi sopo musanamudyetse.

Basi. Pepala limodzi, ndipo theka lake ndi loyera.

Chimene chinandigwira mtima ndi masekondi 23 a pakatiwo. Pafupifupi magawo awiri mwa magawo asanu a kanemayo ndi manja okha akutikitana, popanda kudumpha. Azaumoyo amati kutikita ndi sopo kuzitenga masekondi 20, ndipo munthu ukamuuza nambala imeneyo sadziwa kutalika kwake, pakuti palibe amene amasamba m'manja atayang'ana wotchi. Akaonera manja akusambidwa nthawi yonseyo, thupi lake limaphunzira kuti kunyowetsa nsonga za zala n'kukutumula si kusamba. Mlembi wina akanadula pamenepa kuti apeze malo a uthenga wachiwiri. Uyu anakana, ndipo ndikuona kuti analondola.

Ndinafunsa chifukwa chake agogo akunena "iwe" kwa mayi wamkulu wa ana awiri. Anati anakangana nazo tsiku lonse. Akanakhala apongozi, akanayenera kunena "tiyeni" ndi "pakani," ndipo kudzudzula mtengwa pamaso pa ana kukanamveka ngati mkangano wa m'banja. Ndiye anasankha kuti akhale mayi ake omubereka, monga zimakhalira m'midzi yambiri ya chikamwini m'chigawo chapakati ndi chakumwera, kumene mwana wamkazi amalera ana ake pafupi ndi amayi ake.

Kamtsikanako nakonso kanasinthidwa. Poyamba kankati, "Amayi, simunasambe m'manja!" Amayi a m'dera lomwelo atamvetsera, anaiwala za sopo n'kuyamba kukambirana za mwana wopanda mwambo. Tsopano kamafunsa agogo, ndipo wodzudzula ndi amene ali ndi udindo wodzudzula.

Kuchokera kuchipinda chachitatu kunkamveka mawu a gogo, koma nditasuzumira ndinapeza mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zingapo. Anali m'kati mwa wadulopu yochotsa mashelefu, yokhomedwa matilesi ndi mabulangete mbali zonse, maikolofoni ili patsogolo pake atayiveka sokosi. Ndinalowamo atatuluka. Munali fungo la thonje lakale ndi kutentha koti malaya ananyowa ndisanathe kuyang'ana bwino. Kunja galu anauwa, ndipo mzere wonse wa agogo anaujambulanso.

Mawu amajambulidwa zithunzi zoyenda zisanayambe, chifukwa pakamwa pa katuni pamatsata mawu. Palinso chifukwa china. M'midzi yambiri wailesi ndi imene ili pafupi kuposa kanema, ndipo amene adzaonere pafoni adzakhala anayi kapena asanu ataunjikana pasikirini yosaposa chikhatho. Choncho amayesa malembawo nyali ya kompyuta atazimitsa: womva asanaone chithunzi chilichonse azitha kunena kuti ndani wayankhula, walakwitsa chiyani, ndipo wachita chiyani. N'chifukwa chakenso mulibe mawu olembedwa pasikirini. Agogo amene sanapite kusukulu, omwe ndiwo amatsala ndi ana ena akapita kumunda, asatsalire.

Mnyamata wojambula anali pawindo la chipinda chomwecho, laputopu ili pamabuku awiri kuti izipuma. Anandiwerengera samu yake. Kuti katuni iyende bwino pamafunika zithunzi 12 pa sekondi, ndiye mphindi imodzi ndi zithunzi 720. Kujambula zonsezo ndi dzanja sangamalize, choncho munthu aliyense amamujambula kamodzi m'zidutswa, mutu pawokha, mkono pawokha, n'kumaziyendetsa pakompyuta. Koma manja osambawo akuwajambula chimodzichimodzi, chifukwa zala zolowana sizituluka bwino ndi zidutswa.

Anandionetsa tizilombo take toyamba: tobiriwira, tamano, tamaso atatu. Ana anatikonda kwambiri. Amayi anayang'ana m'manja mwawo n'kunena kuti iwo zoterozo alibe. Ndipo ankanena zoona, pakuti chimene chinajambulidwacho palibe anachionapo pathupi pake. Ndiye anasintha n'kuika timadontho topanda nkhope timene timachoka pathewera kupita pachala, pachala kupita pachitenje ndi pasupuni. Chofunika kuti woonera agwire ndi ulendo wa tizilombo, osati maonekedwe ake.

Magetsi anazima. Palibe anadabwa, ndipo tonse tinatuluka kukhonde lakuseri.

Kumeneko kunali amayi atatu oyandikana nawo atakhala pamkeka, mmodzi ali ndi mwana kumbuyo, onse anakulira kumudzi. Mlembi anawapatsa foni kuti aonere zithunzi zapensulo zija zitalumikizidwa ndi mawu. Sanawafunse ngati aikonda, poti munthu wakupatsa tiyi sungamuuze kuti ntchito yake ndi yoipa. Anawafunsa kuti, "Mwaona chiyani? Mayiyu walakwitsa pati? Kwanu mungachite?"

Funso lachitatulo ndi limene linautsa nkhani. Mmodzi anati sopo wochapira pagolosale ya pafupi wafika K1,200, ndipo kumudzi akagulidwa amasungidwa m'nyumba kudikira zovala ndi kusamba thupi, sangasiyidwe panja poti mbuzi ndi makoswe amadya. Mlembi anati n'chifukwa chake chithunzi chikuonetsa kachidutswa kotsala pochapa, osati sopo watsopano, ndipo kali pachingwe pansi pa chitini. Wina anafunsa za phulusa. Anayankhidwa kuti sopo akasoweratu phulusa limathandiza kuposa madzi okha, koma kuliika m'mphindi yomweyi kungapangitse ena kumva kuti sopo ndi wosafunika. Wachitatu, wa mwana kumbuyo uja, anati vuto lalikulu ndi beseni limodzi limene banja lonse limasambamo nsima isanadyedwe, akulu poyamba, ana pomaliza madzi atada. Mlembi analemba zimenezo kuseri kwa pepala, nati imeneyo ndi kanema wina payekha.

Anandiuza poyera kuti mphindi imodziyi siibweretsa mjigo pafupi ndiponso siigula sopo. Kumene madzi amatungidwa mtunda wa ola lathunthu, mayi amawerengera kapu iliyonse, ndipo mpondagiya anausankha chifukwa kamzere kake kamatha madzi ochepa kusiyana ndi kuthira ndi jagi. Kanemayo akamalizidwa adzamuchepetsa kuti azitumizika pa WhatsApp ndi kukopedwa pamemori khadi, ndipo adzapempha alangizi a zaumoyo kuti azimuonetsa kusikelo ya ana ataima pambali pa mpondagiya weniweni, kuti mayi akangomaliza kuonera apondepo yekha.

Inu amene mwapatsidwa ntchito yolemba uthenga wotere, musanapite nawo kwa wojambula uwerengeni mokweza ndi wotchi, kenaka mukauwerengere mayi amene ali ndi khanda, mumufunse ngati kwawo angachite.