Masilaidi Asanu, Mphindi 30

Ndikapemphedwa kutalikitsa nkhani ya mphindi 5 kuti ikwane mphindi 30, sindithamangira kuwonjezera masilaidi. Asanu omwewo amakwanira. Chimene chimasowa ndi mayankho a mafunso amene omvera amakhala nawo mumtima: chifukwa chiyani, ndichite bwanji, nanga ndidziwe bwanji kuti zatheka?

Ndili ndi nkhani ya kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS, osalowa mpweya aja. Silaidi ina ili ndi mawu awiri okha: "Umitsani chimanga." Nthawi ikachepa ndimangowerenga n'kupitirira. Ikakhala mphindi 30, silaidiyi ndimaipatsa mphindi 4.

Ndimayamba ndi chifukwa. Thumbali limapha anankafumbwe powamana mpweya, koma limatsekeranso chinyezi mkati, ndiye chimanga chosauma chimachita nkhungu. Kenako ndimatulutsa botolo louma, kuthiramo chimanga ndi mchere wouma, n'kukhutchumula anthu akuona. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Mawu pa silaidi amakhalabe awiri, poti ndikadzazapo ziganizo anthu amayamba kuwerenga n'kuleka kundimvetsera.

Masilaidi asanu a mphindi 4 ndi mphindi 20. Zotsalazo ndimagawa chonchi: 2 malonje, 3 kumanga mfundo, 5 mafunso.

Ndisanapite ndimayeserera mokweza ndi wotchi. Silaidi ikatha pa mphindi imodzi, ndiye kuti ilibe chitsanzo. Ikadutsa mphindi 6, muli mfundo ziwiri, ndipo pamenepo pokha ndimaigawa pawiri. Wofunika kukhutira ndi mlimi amene adzamange thumba lake ali yekha kunyumba, ine kulibe.