Kupatsa Nkuika: Mwambi Woitanira Ophunzira Kupereka Magazi

Ophunzira ena a pa yunivesite anakhala pansi kusankha mawu olemba pa chinsalu choitanira anzawo kudzapereka magazi. Anali ndi miyambi itatu, ndipo anatsutsana mpaka dzuwa kupendeka.

Woyamba unali wakuti, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Mwambiwu ndi woona, koma umaopseza. Mnyamata wa zaka 20 saganiza za tsoka la mawa, ndipo womuopseza amangomuthamangitsa. Ndiponso nkhani ya magazi ili kale ndi mantha ake. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma ena a kummwera. Nchifukwa chake mawu akuti "kupopa" sayenera kuoneka pa chinsalu chotere. Oyenera ndi akuti "kupereka".

Wachiwiri unali wakuti, "Chibale ndi fupa, sichiola." Uwu ndi wokoma, koma umatsekera chifundo m'banja. Chizolowezi chodikira kuti mbale agonekedwe m'chipatala, kenaka achibale nkuyamba kuthamanga kufunafuna womupatsa magazi, ndicho chimachedwetsa thandizo. Mayi amene akutaya magazi pobereka sangadikire malume ake kuti afike kuchokera kumudzi.

Wachitatu, "Kupatsa nkuika," ndiwo unapambana. Makolo ankatanthauza kuti chimanga chopatsa mnansi pa njala sichinatayike, chasungidwa m'nkhokwe ya mudzi. Magazi nawo amayenda chimodzimodzi. Munthu amapereka pafupifupi theka la lita, mamililita 450, ndipo a bungwe la Malawi Blood Transfusion Service amawayeza ngati alibe HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi, nkuwasunga mozizira kufikira chipatala chitawafuna. Woperekayo sadziwa amene adzalandire, monganso wolandira sadziwa woti amuthokoze.

Komabe mwambiwu uli ndi malire ake. Kuika sikutanthauza kuti thumba lalembedwa dzina la mwini kuti adzalitenge akadzadwala. Magazi sasungika kupitirira milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, choncho nkhokweyi imafuna kudzazidwa kawirikawiri. Ku Malawi ambiri opereka ndi ophunzira, ndipo sukulu zikatsekera magazi amasowa. Tchuthi cha Disembala chimagwanso nthawi ya mvula, pamene malungo amayamba kuchepetsa magazi a ana aang'ono.

Atalingalira zimenezi, mtsikana wina anati mwambi wokha sukwanira, pafunika kunena chochita ndi nthawi yake. Anakananso mawu akuti "pereka", poti amaloza chala munthu mmodzi. Iye anasankha "ti-", kamene kamaphatikiza woitana ndi woitanidwa.

Pa chinsalucho panalembedwa motere: "Kupatsa nkuika: tidzaze nkhokwe ya magazi tisanatsekere." Munsi mwake anaikamo tsiku, malo, ndi chikumbutso choti aliyense abwere atadya.